Ndowa 6 za matimati, ndi mng'ono wanga amene ananena zoona

Tulo takana. Mng'ono wanga wagona kale, wayang'ana kukhoma, ndipo chifikireni kunyumba kuchokera ku Lizulu madzulo aja mawu amene tayankhulana ndi oti "patse mchere" basi. M'manja mwanga mukadanunkha masamba a matimati ngakhale ndasamba kawiri. Ndati bola ndilembe, mwina mtima ukhala pansi.

Chimene chikundiwawa si ndalama kwenikweni. Ndi zoti mwana wa Fomu 2, amene ndinkamubereka kumsana ine ndemwe, anandiuza zoona m'mawa anthu akumva, ine n'kumukalipira, kenako dzuwa lisanalowe zonse n'kuchitika monga momwe ananenera.

Tinafika pamsika ndi ndowa 6, zonse zothyola dzulo kudimba kwa amayi. Titangotsitsa panjinga ndinaona kuti zinthu sizili bwino. Amene amadutsa pa Lizulu amadziwa mmene pamakhalira: msewu wa M1 ndiwo malire, tsidya lino Malawi, tsidya linalo Mozambique, ndipo katundu amachokera mbali zonse. Lero kunali psuu kuyambira kumtunda mpaka kumunsi. Madengu, mabeseni, ndowa, ena anangoyala masaka pansi n'kukhuthulirapo. Mayi amene masiku onse amagulitsa anyezi anali ndi matimati. Mnyamata wa mbatata ya kachewere uja nayenso anali ndi matimati. Mpaka ndinaseka ndekha.

Tisanayale n'komwe, anabwera mayi wina wopikula, wa aja amadzaza galimoto n'kukagulitsa m'misika ya ku Lilongwe. Anatola limodzi, kulifinya pang'ono ndi chala, kuyang'ana pansi pa ndowa ngati tabisamo ang'onoang'ono.

"Onsewa nditenga. K5,000 ndowa."

Ndinati, "Mayi, musatinyoze. Sabata yatha yomweyi ndowa ngati iyi inali K9,000."

"Sabata yathayo mukanagulitsa sabata yatha, mwana wanga. Tayang'anani kumbuyo kwanuko."

Sindinacheuke, dala. Ndinati K8,000, osachotsa. Iwo sananenerere n'komwe, ndipo n'chimene chinandipweteka kwambiri. Wogula akamanenerera umadziwa kuti katundu wako akumufuna. Awa anangobwezera timati lija pamwamba pa ndowa bwinobwino, n'kusuntha mapazi asanu, kukaima pa dengu la munthu wina.

Apa m'pamene mng'ono wanga anandikoka chitenje.

"Achemwali, aitaneni. Tiwapatse."

"Iwe khala chete. Ukudziwa kuti amayi anawononga zingati kudimba kuja?"

"Ndikudziwa. Koma mayi aja sakugula feteleza wa amayi, akugula matimati. Ndipo matimati ali paliponse."

Mayi wa anyezi uja anamva, anaseka. Ine nkhope inatentha. Ndinamuuza kuti ngati wabwera kudzandiphunzitsa malonda abwerere kunyumba akatsuke mbale. Sanayankhe. Anagwada n'kuyamba kupanga milu.

Ndibwerere m'mbuyo pang'ono, chifukwa popanda za mwezi wa Marichi palibe angamvetse chifukwa chimene ndinaumira mutu. M'Marichi ife tinalibe matimati athu. Tinkachita kuoda kwa bambo wina wa kumtunda amene analimba mtima kulima nthawi ya mvula. Nthawi ya dzinja matimati amavuta. Madimba ambiri amakhala adzadza madzi, anthu ali kalikiliki ndi chimanga kumunda, ndipo chiwawu chimagwira msanga masamba akamakhala onyowa tsiku ndi tsiku. Ukapopera mankhwala lero, mawa mvula yatsuka. Ndiye olima amachepa, ndipo amene wapulumutsa mbewu yake amakhala mfumu. Ndowa tinkaoda K25,000. Mu ndowa ya malita 20 mumalowa matimati apakatikati pafupifupi 140. Tinkaika anayi pamulu, mulu K1,000, ndiye ndowa imodzi inkatulutsa milu 35, ndiye kuti K35,000. Anthu ankadandaula, ena kutukwana kumene, koma ankagula, chifukwa ukayenda mzere wonse ogulitsa tinalipo mwina asanu. Pofika masana tinkakhala titatsuka ndowa.

Ndalama imeneyo ndi imene inatipusitsa. Amayi anati, ngati ooda akupeza chonchi, nanga wolima yekha? M'mwezi wa Juni tinafesa nazale, patatha milungu inayi tinawokera, kenako ndi kuthirira ndi kheni m'mawa ndi madzulo, kuzika timitengo, kumangirira, kuphata nthambi, kupopera chifukwa cha kambozi kaja ka tuta kamene kamaboola masamba ndi zipatso zomwe. Msana wanga ukudziwa. Chimene sitinachiganize n'choti mtengo wa m'Marichi uja sitinauone tokha. Anauona mudzi wonse, anauona a ku Tsangano, a ku Bembeke, anauonanso a tsidya la ku Angonia. Aliyense anabwerera kwawo ndi nzeru yomweyo, n'kufesa mwezi womwewo madzi atangophwa m'madimba. Matimati sachedwa, miyezi iwiri ndi theka kapena itatu chiwokereni wayamba kuthyola. Ndiye tonse amene tinafesa pamodzi tikuthyolanso pamodzi. Kuwonjezera apo kutentha kwa Okutobala kukupsetsa zipatso mothamanga, zimene ukanathyola milungu itatu zikupsa sabata imodzi.

Izi ndikuzilemba bwino chonchi usiku uno. M'mawa muja m'mutu mwanga munali K35,000 yokhayokha.

Tinayamba ndi matimati 6 pamulu, mulu K500. Ndinkaona ngati ndatsitsa kale kwambiri. Minibasi yoyamba itaima tinathamangira pazenera ndi mbale, koma pazenera lililonse panali mbale khumi. Mayi wina m'katimo anayang'ana yanga, anayang'ana ya mtsikana wa pambali panga imene inali ndi 8, anagula ya mnzangayo osayankhula kanthu. Ndani angamunene? Inenso ndikanatero.

Chinthu chimodzi ndachiona lero chimene sindinkachilabadira: mtengo wa matimati ukamagwa suyamba kugwa pakamwa. Palibe amene anakuwa kuti "ndatsitsa". Aliyense ankanenabe kuti faifi handiredi, faifi handiredi. Chimene chinkasintha ndi mulu. Wa 6 unasanduka wa 8, wa 8 unasanduka wa 10, ndipo pamwamba pake wogula ankati "nanga banyira?" n'kumuponyera ena awiri m'jumbo. Munthu wongodutsa anganene kuti mtengo sunasinthe tsiku lonse. Koma ukawerenga, timati limodzi limene m'Marichi linali K250 lero masana linali K50, osawerengera banyira. Ndowa yonse, milu 14, K7,000. Ndipo kuti uipeze K7,000 imeneyo uyenera kupeza ogula 14, pamsika pamene ogulitsa achuluka kuposa ogula.

Cha m'ma 11 koloko mng'ono wanga anayambanso, koma motsitsa mawu kuti ena asamve. Ndiye kuti ankandisungira ulemu, zimene zikundichititsa manyazi kwambiri panopa.

"Achemwali, ndikufunseni. Kunyumba kwathu tikamaphika ndiwo timathira matimati angati?"

"Atatu. Mwina anayi. Bwanji?"

"Nanga akatchipa timathira makumi awiri?"

Sindinayankhe.

"Ndiye vuto lake ndi limenelo. Olima awonjezera kambirimbiri, koma miphika ndi yomwe ija. Mayi wogula uja akapeza mulu waukulu sagula milu isanu, amagula umodzi womwewo n'kusunga chenji. Mwina awiri ngati ali ndi firiji. Ndiye otsalawo apita kuti?"

Anati kusukulu aphunzitsi a zaulimi anawajambulira pabolodi mizere iwiri yopingasana, wina wa katundu amene ogulitsa abweretsa, wina wa katundu amene ogula akufuna, ndipo pamene yakumana m'pamene mtengo umakhazikika. Katundu akachuluka koma ofuna osachuluka, pokumanapo pamatsika. Inenso mizere imeneyo ndinaijambula pamayeso, ndinakhoza n'kukhoza. Koma sindinaganizepo kuti mzere uja ndi ine, nditakhala padzuwa ndi ndowa 6.

Ndinamuuza kuti zapabolodi n'zapabolodi. Ndinati ngati tonse ogulitsa titagwirizana kuti mulu ndi matimati 6 basi, palibe wowonjezera, ogula angagule atafuna asafune. Apa anayankha ndi agogo ena amene anayala pafupi nafe, amene nthawi yonseyi ndinkayesa akuwodzera.

"Mugwirizana ndi yani, mdzukulu wanga? Uyo ali apoyo wabwereka ndalama kubanki m'khonde, akufunika kubweza Lolemba. Uyo winayo wachokera kutali, sangasenzenso dengu kubwerera nalo. Mukapangana m'mawa, pofika masana wina wawonjezera kale awiri mobisa. Ndipo simungamunene, ana ake adya chiyani?"

Kenako anatola timati lawo limodzi lofewa, kundionetsa.

"Chikhala chimanga, bwenzi tikuti tikasunge m'nkhokwe tidikire Febuluwale. Koma ichi? Lero n'cholimba, mawa chafewa, mkuja ndi madzi. Wopikula amadziwa zimenezo. Iye angathe kudikira mpaka madzulo, iwe sungathe. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo."

Ndinangoti "zoona agogo" mwaulemu, koma mumtima ndinali nditakwiya ndi aliyense. Ndi agogowo, ndi mng'ono wanga, ndi dzuwa, ndi ntchentche, ndi mnyamata wina amene ankaliza nyimbo imodzimodzi pasipika kuyambira m'mawa. Masiku ano sindikuchedwa kupsa mtima. Anzanga amene ndinalemba nawo mayeso a Fomu 4 ena ali m'tauni, amatumiza zithunzi atavala bwino, ine ndili pano kuingitsa ntchentche ndi kanthambi. Mwina n'chifukwa chake K8,000 ija ndinaikakamira chonchija. Ndinkafuna kufika kunyumba n'kuika ndalama m'manja mwa amayi, iwo n'kunena kuti mwana wanga wamkulu amadziwa malonda. Za mtengo wa pamsika zinalibe nazo ntchito zimenezo, koma ndinazisakaniza.

Pali chinanso chimene ndinachiona mochedwa. Opikula onse ankayamba afunsa kuti "ndi mbewu yanji?" Akamva kuti Tanya kapena Tengeru, aja olimba khungu amene amapirira ulendo, ankaima. Komanso ankasankha ongoyamba kumene kufiira, oti akafika m'tauni akhale atapsa bwino. Athu ambiri tinawathyola atapsa kale psuu, chifukwa ine ndinkati ofiira ndiwo amakopa maso. Amakopadi maso a munthu wokaphika lero. Koma kwa wopikula timati lofiiritsa ndi loti likaphwanyika m'galimoto lisanafike pa Dedza. M'Marichi zimenezi palibe ankazifunsa. Ngakhale ang'onoang'ono, ngakhale amabala, ankapita. Katundu akachuluka wogula amayamba kusankha, ndipo chilema chilichonse chimene kale sankachiona chimasanduka chifukwa chotsitsira mtengo.

Masana onse tinagulitsa ndowa ziwiri zokha, za milumilu. Mng'ono wanga ndiye ankathamangira magalimoto, ine ndinali nditafooka. Titawerenga zinakwana K13,000. Zinayi zinali phee, ndipo pansi pa ina panayamba kudontha madzi, ntchentche zitazungulira.

Dzuwa litapendeka mayi wopikula uja anadutsanso. Galimoto yawo inali itatsala pang'ono kudzaza. Sindinawaitane ine. Anawaitana mng'ono wanga, osandifunsa.

"Mayi, aja munawaona m'mawa aja alipo."

Anabwera, anayang'ana, anagwedeza ndowa imodzi.

"Afewa awa. K3,500. Ndipo nditenga zitatu, iyo ikudonthayo ayi."

Ndinati, "Koma m'mawa munati K5,000."

"M'mawa ndinali ndi galimoto yopanda kanthu, mwana wanga. Pano malo atsala a madengu awiri, ndipo onse awa akundiitana."

Sanali kunama. Kumbuyo kwawo kunali azimayi atatu atanyamula mabeseni, aliyense akuti "mayi, tengani anga". Ndinayang'ana mng'ono wanga, iye anayang'ana pansi. Ndinangogwedeza mutu. Anakhuthulira m'madengu mwawo, n'kutiwerengera K10,500.

Masamu ake ndi amene akundilanda tulo. K13,000 kuphatikiza K10,500 ndi K23,500. Ndikanamvera m'mawa muja, ndowa 6 pa K5,000 ikanakhala K30,000, tikanabwerera kunyumba isanakwane 8 koloko, mng'ono wanga akanawerenga mabuku ake, ine ndikanathirira kudimba. Kuuma mutu kwanga kwadya K6,500 ndi tsiku lathunthu. Pa K23,500 imeneyo tichotsepo K4,000 ya anyamata a njinga amene anatinyamulira, tikiti ya msika, ndi zitumbuwa zimene tinadya masana. Ndipo ngakhale K30,000 ikanabwera, ndiye kuti ndowa 6 za lero zikuchepera ndowa imodzi ya m'Marichi. Chaka chino dimba labereka kuposa zaka zonse zimene ndikukumbukira, amayi ankachita kuitana anthu kuti adzaone. Kubereka komweko ndi kumene kwatigwetsa, chifukwa sikunabereke kwathu kokha.

Pobwerera tinasenzerana ndowa yodontha ija. Panjira ndinafuna kunena kuti "unanena zoona", mawu anafika pakhosi n'kubwerera. M'malo mwake ndinamufunsa ngati phazi lake lija lasiya kupweteka. Anati lasiya. Basi.

Amayi sanakalipe. Anawerenga ndalama kawiri, anaimanga pansonga ya chitenje, n'kunena kuti ofewawo tiwasankhe, abwinoko tiwadule tiwayanike padzuwa mawa ndi kamchere, otsalawo tigawire anansi asanawole. Koma anansi ake ati? Nyumba iliyonse pano ili ndi beseni lake la matimati pakhonde. Ngakhale nkhuku zayamba kuwadutsa osajompha.

Tikudya, amayi anayamba kuganiza mokweza. Anati mwina chaka chino tifese m'Novembala, pamalo okwera paja pamene madzi sakhazikika, kuti tidzathyole m'Febuluwale ndi m'Marichi mtengo uli pamwamba. Anati mankhwala a chiwawu adzafunika ambiri, kupopera sabata iliyonse, ndipo mvula ikadzachuluka tikhoza kutaya zonse, mbewu ndi feteleza yemwe. Ine ndinati ndi nzeru yabwino, mwina chifukwa ndinkafuna kuti ndinenepo kanthu kolondola lero. Mng'ono wanga anameza nsima, n'kufunsa amayi, osati ine:

"Nanga onse amene alira ku Lizulu lerowa, sakuganizanso zomwezo usiku uno?"

Amayi anati ambiri sangakwanitse, mpamba wa mankhwala alibe, ndipo mvula ikagwa aliyense amathamangira chimanga. Mng'ono wanga anati mwina. Anatinso kapena tizifesa pang'onopang'ono, mabedi awiri mwezi uno, awiri mwezi wamawa, kuti tisamadzathyole zonse sabata imodzi, ndipo mbali ina tiikeko anyezi amene amasungika. Amayi anati dimba ndi laling'ono. Nkhani inathera pomwepo, palibe chimene tinamanga.

Sindikudziwa kuti ndani akulondola pa zimenezi, ndipo ndatopa kukhala wotsimikiza. Chimene ndikudziwa n'choti kudimba kuja mizere isanu ya kumunsi inali itayamba kale kufiira dzulo, ndipo ndi kutentha kumeneku pofika Lachiwiri ikhala yoti ithyoledwe, kaya mtengo uli pati. Mng'ono wanga adzakhala ali kusukulu tsiku limenelo. Ndidzapita ndekha. Ndikuganiza zomudzutsa ndimufunse kuti wopikula akadzanena K4,000 ndidzavomere pomwepo kapena ndidzayese K4,500, koma akupuma mwakuya, ndipo foni yatsala ndi moto wochepa.